Nkhope Iyi Si Yachilendo, Koma Ndinaiona Kuti?

M'zaka za m'ma 1970, apolisi a ku Australia anagwira Donald Thomson, katswiri wa za maganizo a anthu, pomuganizira kuti anagwiririra mayi wina. Mayiyo anali atafotokozera apolisi maonekedwe a chigawengacho, ndipo zonse zimene ananena zinkalozera kwa Thomson.

Mwayi wake unali wakuti anali ndi umboni wovuta kuutsutsa. Pa nthawi imene mayiyo ankachitidwa chipongwe, Thomson anali pa wailesi yakanema, m'pulogalamu youlutsidwa pompopompo, atakhala limodzi ndi mmodzi wa akuluakulu a polisi. Nkhani imene ankakambirana inali ya mmene anthu amakumbukirira nkhope za anzawo. Pambuyo pake zinadziwika kuti mayi uja ankaonera pulogalamu yomweyo pamene chigawenga chinkamulowera m'nyumba. Sananame ayi, nkhope ya Thomson anaionadi tsiku limenelo. Chimene chinasokonekera m'mutu mwake ndi malo amene anaionera.

Zoterezi zimachitikira aliyense, kungoti nthawi zambiri siziputa mlandu. Munthu amatsegula nyuzipepala, kapena mnzake amamuonetsa chithunzi pafoni, iye n'kunena nthawi yomweyo kuti, "Nkhope iyi si yachilendo." Akamufunsa kuti anaiona kuti, amayamba kukanda mutu. Mwina kusukulu, mwina kumaliro, mwinanso kumsika. Pamapeto pake zimapezeka kuti mwini nkhopeyo amakhala kutali, ndipo awiriwa sanakumanepo chibadwire.

Ntchito ziwiri zosiyana

Mu 1980, katswiri wina wa ku Amereka, George Mandler, anapereka chitsanzo chimene ophunzira za ubongo amachitchulabe mpaka lero. Munthu wakwera basi, waona bambo wina atakhala pampando, ndipo mtima ukumuuza kuti bamboyu amamudziwa. Dzina palibe, malo palibe, koma kutsimikiza kulipo. Amayamba kufufuza m'mutu: kodi ndi wa kuntchito, kodi ndi wa kutchalitchi? Patapita nthawi yankho limatulukira: ndi uja amagulitsa nyama. Chamusokoneza ndi chakuti lero sanavale zovala za kuntchito, alibe mpeni m'manja, ndipo sali pamalo pake.

Mfundo ya Mandler inali yakuti kuzindikira munthu ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kumva chabe kuti nkhopeyi unaionapo. Imeneyi imachitika yokha, mwachangu, theka la sekondi lisanathe. Yachiwiri ndi kukumbukira kuti unaiona kuti, liti, ndipo munthuyo ndani. Imeneyi imachedwa, imafuna khama, ndipo nthawi zina imalephereka ndithu. Ofufuza apeza kuti mbali za ubongo zimene zimatsogolera ntchito ziwirizi n'zoyandikana koma n'zosiyana, moti pali odwala ena ovulala ubongo amene ntchito imodzi inawonongeka, inzake n'kutsala.

Masiku onse ziwirizi zimayenda limodzi, n'chifukwa chake palibe amene amaona kuti n'zosiyana. Vuto limabwera yoyamba ikafika yokha. Kumva kuti "ndinamuonapo" kuli ngati ndalama ya chenji imene munthu waipeza m'thumba: ilipodi, koma sinalembedwe dzina la amene anaipereka. Ubongo sukonda kusiya funso lopanda yankho, choncho umatola yankho limene lili pafupi. Ngati amene wabweretsa chithunzi wanena kuti, "Uyu munaphunzira naye," ubongo umavomera kuti n'kusukulu. Ngati wabweretsa ndi wapolisi, yankho lapafupi ndi lakuti ameneyu ndiye wakuba uja.

Nkhokwe ya nkhope imene ubongo umafufuzamo ndi yaikulu. Kafukufuku wa ku Yunivesite ya York ku Mangalande, wa mu 2018, anapeza kuti munthu wamba amadziwa nkhope pafupifupi 5,000, kuphatikiza za abale, anzake, ndi anthu otchuka amene sanakumane nawo. Ena amadziwa 1,000 zokha, ena 10,000. M'gulu lalikulu chonchi, n'kovuta kuti mlendo asakhale ndi mphumi, maso kapena chibwano chofanana ndi cha wina amene ali kale m'nkhokwemo.

Chimene ubongo umayeza

Ubongo ulibe kaundula amene umatsegula kuti uone ngati nkhope inalembedwamo. Zimene akatswiri ambiri apeza ndi zakuti umayeza kuphweka. Chinthu chimene munthu anachionapo chimalowa m'mutu mosavuta akachionanso kachiwiri, ndipo ubongo ukamva kuphweka kumeneko umaganiza kuti chinthucho n'chakale. Nthawi zambiri kuganiza kotere kumalondola. Koma pali zinthu zinanso zimene zimaphweketsa nkhope, ndipo ubongo sutha kusiyanitsa.

Larry Jacoby ndi anzake ku Canada anaonetsa zimenezi mu 1989 pogwiritsa ntchito mayina. Anapatsa anthu mndandanda wa mayina oti awerenge, n'kuwauza poyera kuti eni mayinawo si anthu otchuka. Limodzi mwa mayinawo linali Sebastian Weisdorf. Kenako anawapatsa mndandanda wina wosakaniza mayina a anthu otchuka, mayina atsopano osatchuka, ndi mayina aja anawerenga poyamba, n'kuwafunsa kuti aloze otchuka. Amene anafunsidwa nthawi yomweyo sanapusitsike, chifukwa ankakumbukira kuti dzina la Weisdorf angoliwerenga kumene. Amene anafunsidwa patapita maola 24 anayamba kunena kuti mayina ngati limeneli ndi a anthu otchuka. Kukumbukira kumene analiona kunali kutazilala, koma kumva kuti dzinali si lachilendo kunali kudakalipo, ndipo ubongo unapeza chifukwa chake chabodza: ayenera kuti ndi wotchuka.

Pa nkhope zimachitikanso chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Mu 1981, Robert Solso ndi Judith McCarthy anatenga chida chimene apolisi ankapangira zithunzi za oganiziridwa, cholumikiza maso, mphuno, pakamwa ndi tsitsi. Anapanga nkhope imodzi, n'kupanganso zina zingapo zotengera ziwalo kwa yoyambayo. Anthu anaonetsedwa zotengerazo zokha, yoyamba ija anaibisa. Pa nthawi yoyesa, nkhope imene anthu anatsimikiza kwambiri kuti anaiona inali yobisidwa ija, imene sanaionepo ngakhale kamodzi. Chiwalo chake chilichonse anali atachionapo pa nkhope ina, ndipo zonse zitakumana pamodzi zinamveka zodziwika kuposa nkhope zenizeni zimene anaona.

Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene anthu ena amauzidwa kulikonse kumene apita kuti amafanana ndi uje. Nkhope yopanda chodabwitsa, yokhala pakatikati pa nkhope zambiri, imakhudza pang'onopang'ono nkhope zochuluka za m'nkhokwe ija. Munthu wa chipsera chachikulu kapena mphuno yachilendo sasokonezedwa kawirikawiri. Kafukufuku wina waonetsanso kuti nkhope yomwetulira komanso nkhope yokongola zimamveka zodziwika ngakhale kwa amene akuziona koyamba. Chimene chimasangalatsa maso, ubongo umachiyesa chozolowereka.

Chithunzi chimabisa zambiri

Munthu akakumana ndi mnzake pamsewu amaona zambiri kuposa nkhope. Amaona msinkhu, kayendedwe, kagwedezedwe ka mutu, ndipo amamva mawu. Mlendo wofanana ndi msuweni amaululika akangotsegula pakamwa. Chithunzi chimachotsa zonsezi, n'kusiya kamphindi kamodzi kojambulidwa kuchokera mbali imodzi, ndi kuwala kwa tsiku limenelo.

Rob Jenkins, Mike Burton ndi anzawo anaonetsa kukula kwa vutoli mu 2011. Anatenga zithunzi 40, za anthu awiri okha otchuka a ku Netherlands, aliyense zithunzi 20 zojambulidwa masiku osiyanasiyana. Anazipereka kwa anthu a ku Britain amene sankawadziwa awiriwo, n'kuwauza kuti aziunjike m'milu, mulu uliwonse ukhale wa munthu mmodzi. Palibe ngakhale mmodzi amene anapanga milu iwiri. Chiwerengero chapakati chinali milu 7 kapena 8, ndipo panali wina amene anafika 16. Zithunzi zomwezo zitaperekedwa kwa anthu a ku Netherlands, pafupifupi onse anapanga milu iwiri mosavuta.

Kusiyana kwake n'kwakuti wodziwa munthu anamuona kambirimbiri, atakwiya, akuseka, atameta, akudwala, ndipo ubongo unaphunzira zimene zimasintha ndi zimene sizisintha pa nkhopeyo. Kwa mlendo, ubongo ulibe chophunzira chimenechi, umangodalira chithunzicho mmene chilili. Zithunzi ziwiri za munthu mmodzi zikhoza kuoneka za anthu awiri, ndipo zithunzi za anthu awiri ojambulidwa mofanana zikhoza kuoneka za munthu mmodzi.

Ngakhale amene ntchito yawo ndi yoyang'ana zithunzi sapulumuka. Mu 2014, ofufuza anayesa ogwira ntchito ku ofesi yopereka mapasipoti mumzinda wa Sydney. Munthu ankaima patsogolo pawo, iwo n'kuyerekeza nkhope yake ndi chithunzi. Pa zithunzi 100 zilizonse zimene zinali za munthu wina, ankavomera 14 kuti ndi za amene waima patsogolo pawo. Amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri sanapose amene anangoyamba kumene. Cholakwika chimene anthu ambiri amachita ndi kuganiza kuti popeza amazindikira mayi awo pachithunzi chakale chofufuma, ndiye kuti luso lomwelo ali nalo pa nkhope ya mlendo.

Mlandu wa ku Burlington

Pali mlandu umodzi umene umaonetsa bwino mmene chithunzi chimasandutsira mlendo kukhala munthu wodziwika, chifukwa mboni yake inadzafotokoza yokha poyera mmene zinayendera.

Mu Julayi 1984, mumzinda wa Burlington ku North Carolina, m'dziko la Amereka, mwamuna wina anathyola nyumba usiku n'kugwiririra Jennifer Thompson, wophunzira wa pakoleji wa zaka 22. Thompson anachita zimene aliyense angayembekezere kwa mboni yabwino. Ali pakati pa zoopsazo anatsimikiza mumtima kuti ayang'anitsitse nkhope ya munthuyo, tsitsi lake, zipsera ngati zilipo, kuti akapulumuka adzamuzindikire. Anapulumukadi pothawira kwa anthu oyandikana nawo.

Choyamba apolisi anakhala naye pansi n'kupanga chithunzi cholumikizalumikiza cha chigawengacho. Chithunzicho chitafalitsidwa, wina anauza apolisi kuti chikufanana ndi Ronald Cotton, mnyamata amene ankagwira ntchito pamalo ena odyera chapafupi, amenenso apolisi ankamudziwa kale. Apa tione kuti Cotton analowa m'nkhaniyi chifukwa chofanana ndi chojambula, ndipo chojambulacho Thompson anali atachiyang'ana nthawi yaitali pochipanga.

Kenako anamuyalira zithunzi zisanu ndi chimodzi. Cha Cotton chinalipo. Cha amene anapalamuladi mlanduwo panalibe, koma panthawiyo palibe amene ankadziwa. Thompson sanaloze msangamsanga. Anatenga mphindi zingapo akuyerekeza, kuchotsa ichi, kubwerera ku icho, mpaka anatsala ndi ziwiri, kenako chimodzi. Mawu ake oyamba anali akuti akuganiza kuti ndi ameneyu. Atafunsidwa ngati akutsimikiza, anati akutsimikiza. Apolisi anamusonyeza kuti wachita bwino.

Patapita masiku angapo anamuitananso kuti aone amuna asanu ndi awiri ataima pamzere. Mwa onsewo, Cotton yekha ndi amene analinso pa zithunzi zija. Thompson anakayikira pakati pa awiri, kenako anasankha wachisanu, amene anali Cotton. Anamuuza kuti ndi yemwe uja anamusankha pachithunzi. Kwa iye ndi kwa apolisi, zimenezi zinaoneka ngati umboni wachiwiri wotsimikizira woyamba. Koma pamzerepo panali nkhope imodzi yokha imene akanaimva kuti si yachilendo, ndipo anali ataiona masiku ochepa m'mbuyomo, pathebulo la apolisi, masana, modekha, kwa mphindi zingapo. Nkhope ya usiku uja anaiona mumdima ali ndi mantha.

Pofika m'khothi mu Januwale 1985, kukayika konse kunali kutatha. Thompson analoza Cotton motsimikiza, ndipo Cotton anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Kundendeko Cotton anakumana ndi mkaidi wina, Bobby Poole, amene ankafanana naye moti anthu ankawasokoneza. Zinamveka kuti Poole ankauza akaidi anzake kuti ndi iyeyo anapalamula mlandu umene Cotton akuvutikira. Mu 1987 mlandu unazengedwanso, ndipo Poole anabweretsedwa pamaso pa Thompson. Iye anamuyang'ana n'kunena kuti munthu ameneyu sanamuonepo m'moyo wake. Panalinso mayi wina amene anagwiriridwa usiku womwe uja m'dera lomwelo. Mu 1984 mayiyu sanaloze Cotton pamzere, koma pofika 1987, nkhope ya Cotton itadziwika ngati ya wolakwa, anati ndi iyeyo. Cotton anapezeka wolakwa pa milandu yonse iwiri.

Mu 1995 kuyeza kwa DNA kunaonetsa kuti wolakwa anali Poole, ndipo iye anavomera. Cotton anatuluka atakhala m'ndende zaka zoposa 10. Patapita nthawi anakumana ndi Thompson, anamukhululukira, ndipo mu 2009 anatulutsa limodzi buku lotchedwa Picking Cotton. Thompson wakhala akufotokoza kuti ngakhale atadziwa zoona, akakumbukira usiku uja nkhope imene inkabwera inali ya Cotton. Chithunzi cha kupolisi chinali chitalowa m'malo mwa zimene maso ake anaona.

Pamene zinakhota

Zinthu zitatu za mu mlanduwu zayesedwa mwapadera ndi ofufuza, ndipo zonse zapezeka kuti zimasocheretsa anthu wamba a maganizo abwinobwino.

Choyamba ndi kuyerekeza. Mboni ikapatsidwa zithunzi zingapo nthawi imodzi, funso limasintha mwakachetechete. M'malo mofunsa kuti, "Kodi munthu uja ali pano?" imafunsa kuti, "Mwa awa, wofanana naye kwambiri ndani?" Funso lachiwirili limakhala ndi yankho nthawi zonse. Gary Wells, katswiri wa ku Iowa, anayesa zimenezi mu 1993. Anthu anaonerera mlandu wongoyerekezera, kenako anaonetsedwa zithunzi. Wolakwa ali pa zithunzipo, 54 pa 100 alionse anamuloza. Gulu lina linaonetsedwa zithunzi zomwezo atachotsapo cha wolakwa. Tikanayembekezera kuti onse amene akanamuloza anene kuti palibe. Koma amene anatero anali 32 okha pa 100, ndipo otsalawo analoza munthu wosalakwa, ambiri mwa iwo n'kugwera pa amene ankafanana kwambiri ndi wolakwayo.

Chachiwiri ndi kuona nkhope imodzi kawiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kafukufuku wakhala akuonetsa kuti munthu amene chithunzi chake mboni inachiona kale amakhala pangozi yolozedwa pamzere, ngakhale kuti pamalo a mlandu panalibe. Mboni imakumbukira nkhope, n'kuiwala kuti inaiona pachithunzi.

Chachitatu ndi mawu a pambuyo. Mu 1998, Wells ndi Amy Bradfield anaonetsa anthu kanema wa chigawenga chenicheni wojambulidwa m'sitolo, kenako zithunzi zopanda chigawengacho, moti aliyense amene analoza analakwa. Ena anauzidwa kuti aloza woganiziridwa weniweni, ena sanauzidwe kanthu. Atafunsidwa pambuyo pake, ouzidwa aja ananena kuti anali otsimikiza kuyambira pachiyambi, kuti nkhope anaiona bwino, ndiponso kuti anali tcheru kwambiri. Chiganizo chimodzi cha wofunsa chinasintha ngakhale mmene ankakumbukirira zimene zinachitika asanachimve.

Panalinso china. Thompson ndi mzungu, Cotton ndi Poole ndi akuda. Anthu amasokoneza kwambiri nkhope za mtundu umene sanakule nawo. Mu 2001, Christian Meissner ndi John Brigham anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 39 n'kupeza kuti mwayi woloza molakwika nkhope ya mtundu wina umaposa wa mtundu wako ndi theka ndi pang'ono. Kafukufuku wina wodziwika pa nkhaniyi anachitikira kuno kummwera kwa Afirika. Mu 1995, Patrick Chiroro ndi Tim Valentine anayesa ophunzira akuda ndi azungu a ku Zimbabwe ndi ku Britain. Ophunzira akuda a ku Harare amene ankakhala pakati pa azungu tsiku ndi tsiku ankazindikira bwino nkhope za mitundu yonse iwiri, pamene anzawo akumudzi amene sankaona azungu kawirikawiri ankavutika ndi nkhope za azungu. Ubongo umaphunzira kusiyanitsa nkhope zimene umakumana nazo, ndipo zinazo zimaunjikana pamodzi n'kumaoneka ngati za pachibale.

Mlandu wa Cotton suli wokha. Bungwe la Innocence Project la ku Amereka linawerengera anthu 375 amene anamasulidwa m'dzikolo DNA itaonetsa kuti sanalakwe. Pafupifupi 7 mwa 10 alionse anamangidwa pa milandu imene mboni inaloza munthu wolakwika.

Kusiyanitsa kuzindikira kwenikweni ndi kwabodza

Zonsezi sizikutanthauza kuti mboni ndi yosadalirika nthawi zonse. Mu 2017, Wells ndi John Wixted anaunika kafukufuku wambiri n'kupeza kuti mboni ikayesedwa koyamba, mwachilungamo, n'kuloza motsimikiza nthawi yomweyo, kawirikawiri imakhala yolondola. Kutsimikiza kumene kuli ndi phindu ndi kwa ulendo woyamba. Kwa m'khothi, patapita miyezi mboni itaona woganiziridwa kangapo, sikuuza woweruza zambiri. Mwa muyeso umenewu, mawu ofunika kwambiri a Thompson anali oyamba aja akuti akuganiza, pamodzi ndi mphindi zimene anatha akuyerekeza.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona. Kuzindikira kwenikweni kumabwera msanga, m'masekondi ochepa, nkhope imangotumphuka yokha. Kwabodza kumakonda kubwera pochotsera: uyu ayi, uyu mphuno yakula, ndiye watsala uyu. Kwenikweni kumabwera ndi zinthu zina zimene pachithunzipo palibe, monga malo, mawu a munthuyo, kapena zimene ankachita. Kwabodza kumabwera kokha, ndipo nkhani yake imamangidwa pambuyo, nthawi zambiri kuchokera pa zimene wofunsa wanena. Kwenikweni sikusowa kulimbikitsidwa, pamene kwabodza kumakula tsiku ndi tsiku munthu akamayang'anabe chithunzicho.

Mu 2007, boma la North Carolina linakhazikitsa lamulo losintha kalozedwe ka oganiziridwa. Woonetsa zithunzi akhale munthu wosadziwa kuti woganiziridwa ndi uti, kuti nkhope yake kapena mawu ake asatsogolere mboni. Zithunzi zionetsedwe chimodzichimodzi. Mboni iuzidwe pasadakhale kuti wolakwa akhoza kukhalapo kapena ayi, ndipo sikukakamizidwa kuloza. Anthu odzazira mzere afanane ndi zimene mboni inafotokoza. Ikangoloza, ifunsidwe kuti yatsimikiza motani, ndipo mawu akewo alembedwe wina asanaiuze chilichonse. Mike Gauldin, wapolisi amene anafufuza mlandu wa Thompson, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa polisi ku Burlington, anali mmodzi wa olimbikitsa kusinthaku.

Malamulo ngati amenewa amateteza zimene zimachitika kupolisi, koma masiku ano chithunzi chimafika kwa mboni apolisi asanafike. Kukabedwa m'dera, pasanathe ola chithunzi cha wina chimakhala chikuzungulira pa WhatsApp, pansi pake atalembapo kuti wakuba ndi ameneyu. Chithunzicho chimakhala chimodzi, chopanda zina zoyerekeza nazo, ndipo yankho laperekedwa kale. Amene anaona wakubayo akuthawa mumdima amachiyang'ana kasanu, kakhumi, m'magulu osiyanasiyana. Pofika mawa nkhopeyo si yachilendonso kwa aliyense m'deralo, ngakhale kwa amene sanaone kalikonse, ndipo kumene anthu amalanga okha oganiziridwa, zimenezi zikhoza kuphetsa munthu wosalakwa.

Amene waona mlandu ukuchitika angathandize kwambiri polemba kapena kujambula mawu ake tsiku lomwelo, asanatsegule zithunzi zimene zikuyenda komanso asanakambirane ndi mboni zina. Anene msinkhu wa munthuyo, zovala, kutalika kwa pamene iye anaima, kuwala kumene kunalipo, ndi nthawi imene anaiona nkhopeyo. Ngati chithunzi wachiona kale, auze apolisi kuti anachiona liti, kangati, ndipo anamutumizira ndani. Wofufuza akadziwa zimenezi amadziwanso kuti kuloza kumene kudzachitike kupolisi ndi kwachiwiri, ndipo mlanduwo uyenera kufunidwira umboni wina, monga katundu wopezeka, zidindo za zala, kapena mboni imene sinaone chithunzicho.